Funso 3 la mayeso apakati: n'chifukwa chiyani padi sigwiritsidwa ntchito kawiri?

Tadala: Anzanga, mapepala a mayeso apakati abwera lero. Pa funso 3 ndapeza malikisi 5 pa 15 ndipo mtima sukundikhazikika, chifukwa aphunzitsi anena kuti funso la mtundu womwewu likhoza kubweranso pa mayeso omaliza. Gawo loyamba linali lofotokoza firikwensi analisisi, lachiwiri lofotokoza chifukwa chake wani-taimu padi imabisa uthenga kotheratu pokhapokha ngati kiyi sanabwerezedwe. Ine ndinalemba kuti padi ndi yolimba chifukwa makiyi ndi ochuluka kwambiri moti kompyuta ingathe zaka zambirimbiri ikuyesa mmodzimmodzi, ndipo ukabwereza kiyi mdani amakhala ndi mwayi woyesa kawiri. Pambali andilembera ndi inki yofiira kuti nkhani si ya nthawi. Ndiye nkhani ndi ya chiyani?

Gift: Aise, si zija zimabwera pa foni ukamatumiza ndalama? Nambala ija ikagwira ntchito kamodzi imafa, pakapita mphindi zochepa imafanso. Ine ndinalemba zimenezo.

Mphatso: Ayi Gift, pamenepo wasokoneza zinthu ziwiri chifukwa zonse amazifupikitsa kuti OTP. Ya pa foni ndi pasiwedi yotsimikizira kuti ndiwedi mwini akaunti, siibisa uthenga uliwonse. Ya funso 3 ndi njira yobisira uthenga: uli ndi kiyi wotalika ngati uthengawo, ndipo chilembo chilichonse cha uthenga umachiphatikiza ndi chilembo chake cha kiyi.

Gift: Ndiye n'chifukwa chake andipatsa 2. Ndikumvetsera, pitirizani.

Mphatso: Gawo loyamba ine ndinakhoza, ndiye ndiyambe ndi limenelo. Mukabisa uthenga posintha chilembo chilichonse ndi china, koma kusinthako kuli kofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndiye kuti chilembo chimene chinali chochuluka chikhalabe chochuluka, changovala malaya ena. Pa Chingerezi E amapezeka pafupifupi ka 13 pa zilembo 100, T pafupifupi ka 9. Mdani amangowerenga chilembo chimene chatchuka mu uthenga wobisikawo, n'kuganiza kuti ameneyo ndi E, kenako amayesa. Njirayi anailemba al-Kindi wa ku Baghdad m'zaka za m'ma 800, ndiye si za dzana.

Ine ndinapereka chitsanzo cha Chichewa. ANA APITA mukasuntha chilembo chilichonse malo 3 monga mwa njira ya Kaisara, mupeza DQD DSLWD. Pa zilembo 8, D alipo ka 4. Aliyense wodziwa Chichewa anena msangamsanga kuti D ndi A, ndipo akadziwa zimenezo wadziwa kuti tasuntha malo 3, zonse zamasuka.

Tadala: Zimenezo ndinalembanso ine, koma ndinangotchula za E.

Chisomo: Koma samalani ndi zitsanzo zazifupi. Ndangowerenga mwambi uja, MUTU UMODZI SUSENZA DENGA. Zilembo ndi 22, U alimo ka 4 pamene A alimo ka 2 kokha. Munthu wongothamangira kuti chochuluka ndi A agwa m'dzenje. Kenako ndayesa chiganizo ichi: ANA A SUKULU APITA KUNYANJA KUKAWEDZA NSOMBA. Zilembo 38, A alimo ka 10. Ndiye kuwerengaku kumafuna uthenga wautali ndithu kuti chizolowezi cha chilankhulo chioneke, ndipo ndikuganiza kuti malire amenewa ayenera kutchulidwa pa yankho.

Limbani: Mwaswera bwanji nonse. Ine ndinamaliza kosiyi zaka zapitazo koma sindinachoke pa gulu lino. Achemwali a Chisomo anena zoona, ndipo ndiwonjezepo chinthu chimodzi chimene Chichewa chimaulula kuposa Chingerezi. Mawu athu amathera ndi lembo la liwu. Ngati wobisayo wasiya mipata pakati pa mawu, mdani amangoyang'ana zilembo za kumapeto kwa mawu, apeza kuti ndi zisanu zokha zimene zikubwerabwera, ndipo wagwira A, E, I, O, U nthawi imodzi, kwangotsala kudziwa uyu ndi uti. Akaonanso mawu a zilembo zitatu amene akubwera kawirikawiri ayesa NDI. Choncho sawerenga chilembo chimodzichimodzi chokha, amawerenganso timagulu ta zilembo.

Tsopano pa gawo limene lavuta a Tadala. Tiyeni tichite ndi manja, musangowerenga, tengani pepala. A ndi 0, B ndi 1, mpaka Z amene ndi 25. Uthenga ndi ZOMBA, kiyi wotoledwa mwa maere ndi KQDHW. Timaphatikiza, ndipo yankho likafika 26 kapena kupitirira timachotsapo 26.

```
M:  Z  O  M  B  A   = 25 14 12  1  0
K:  K  Q  D  H  W   = 10 16  3  7 22
C:  J  E  P  I  W   =  9  4 15  8 22
```

Mdani wagwira JEPIW. Tinene kuti ali ndi kompyuta yothamanga kuposa zonse. Makiyi a zilembo 5 alipo 26^5, amene ndi 11,881,376. Laputopu yanu, a Tadala, iwamaliza onsewo madzi a tiyi asanawire. Ndiye mukuona kuti nthawi si imene ikuteteza uthengawu. Funso ndi lakuti, akayesa onse apeza chiyani?

Tadala: Apeza ZOMBA akafika pa KQDHW.

Limbani: Inde apeza ZOMBA. Koma akafika pa kiyi GAMJW apeza DEDZA. Akafika pa XFVJC apeza MZUZU. Yesani nokha, chotsani kiyi pa JEPIW. Mawu aliwonse a zilembo 5 amene alipo pa dziko lapansi ali ndi kiyi wake mmodzi ndendende amene amawasandutsa JEPIW. NSIMA ali ndi wake, MVULA ali ndi wake. Ndipo poti kiyi anatoledwa mwa maere, makiyi onsewo mwayi wawo ndi wofanana. Mdaniyo ali ndi mulu wa mayankho omveka bwino, koma alibe chomuuza kuti lenileni ndi ili. Zimene ankadziwa asanagwire JEPIW ndi zomwezo akudziwa atagwira. Ngati poyamba ankaganiza kuti mwayi woti gulu likupita ku Zomba ndi 7 pa 10, ukhalabe 7 pa 10. Pa mayeso mulembe motere:

```
P(M = m | C = c) = P(M = m)
```

pa m aliyense ndi c aliyense. Claude Shannon ndi amene anatsimikiza zimenezi m'zimene anasindikiza mu 1949, ngakhale njirayo inalipo kale. Gilbert Vernam anapanga makina ake a telegalafu mu 1917.

Tadala: Ndayesa GAMJW, yatulukadi DEDZA. Ndakhala chete kaye pa bedi pano ndikuyang'ana pepalali. Ndiye kuti ngakhale mdani atayesa makiyi onse sapindula kanthu. Ine ndimaganiza kuti kulimba kwake n'kofanana ndi kwa AES, kungoti kwaposa.

Limbani: Ndi mitundu iwiri yosiyana, ndipo inki yofiira ija ikunena pamenepo. Pa AES kiyi ndi wamfupi, mabiti 128 kapena 256, pamene uthenga ungakhale wautali kwambiri. Munthu atati wayesa makiyi onse, mmodzi yekha ndi amene angatulutse uthenga womveka, ndipo angamuzindikire. Chomuletsa n'chakuti ntchitoyo siingatheke kuimaliza. Chimene munalemba inu ndi yankho la AES. Pa padi, ntchito aimaliza koma salandira kanthu.

Mphatso: Ndipo kulumikiza kwake ndi gawo loyamba n'kotere, ngati ndamva bwino. A wa mu uthenga lero wasanduka W, pa malo otsatira asanduka china chilichonse mwa zilembo 26 ndi mwayi wofanana. Mukawerenga zilembo za uthenga wobisika wautali, chilichonse chipezeka pafupifupi kamodzi pa 26. Palibe chotchuka, ndiye palibe pogwira.

Chisomo: Koma pamenepa ndili ndi chikayiko, achimwene a Limbani. Ngati kiyi ndi wa maere enieni, ndikamugwiritsa ntchito pa uthenga wachiwiri, uthenga wobisika wachiwiriwo nawonso zilembo zake zidzakhala zogawikana mofanana. Firikwensi analisisi siigwira pa woyamba, siigwiranso pa wachiwiri. Ndiye choopsa chili pati? Ine ndinalemba kuti kubwereza kumachepetsa chitetezo pang'onopang'ono, ndipo kawiri kokha si vuto lalikulu.

Limbani: Mwalondola theka. Uliwonse pawokha ndi wobisikadi. Koma mdani sawayang'ana paokhapaokha, amawaika wina pansi pa mnzake. Tibise DEDZA ndi kiyi yemwe uja, KQDHW. Tipeza NUGGW. Tsopano mdani ali ndi JEPIW ndi NUGGW, kiyi alibe. Achotse wachiwiri pa woyamba, ndipo yankho likatsika pansi pa 0 awonjezere 26.

```
C1:       9  4 15  8 22
C2:      13 20  6  6 22
C1 - C2: 22 10  9  2  0
```

Tsopano inu chotsani DEDZA pa ZOMBA mundiuze.

Chisomo: 25 kuchotsa 3 ndi 22. 14 kuchotsa 4 ndi 10. 12 kuchotsa 3 ndi 9. 1 kuchotsa 25 kuwonjezera 26 ndi 2. Kenako 0. Ndi manambala omwewo.

Limbani: Kiyi wasowa. (M1 + K) - (M2 + K) = M1 - M2. Pa makompyuta timagwiritsa ntchito XOR koma zotsatira ndi zomwezo, C1 ⊕ C2 = M1 ⊕ M2. Chimene chatsala m'manja mwa mdani mulibe maere ngakhale pang'ono, ndi Chichewa chochotsedwa pa Chichewa chinzake.

Onani 0 wa kumapetoyo. Asanachite chilichonse, mdani wadziwa kale kuti mawu awiriwa amathera ndi chilembo chimodzimodzi. Pamenepo pokha tanthauzo la Shannon lagwa, chifukwa waphunzira kanthu kamene sankadziwa. Kenako amayamba kuyerekeza. Aganize kuti uthenga wachiwiri ndi MZUZU, aphatikize ndi 22 10 9 2 0, woyamba utuluka IJDBU, zopanda mutu. Ayese ZOMBA, utuluka VYVDA, zopanda mutu. Ayese DEDZA, utuluka ZOMBA. Apa ndiye pasiyana ndi poyamba paja. Pa uthenga umodzi, kuyerekeza kulikonse kunali kotheka ndipo panalibe chotsutsa. Pa mauthenga awiri, kuyerekeza kolakwika kumadziulula kokha chifukwa mbali inayo imatuluka zinyalala. Ndipo akangopeza DEDZA, achotsa pa NUGGW n'kupeza kiyi, ndiye uthenga wachitatu ndi wachinayi wa kiyi yemweyo awerenga ngati nyuzipepala.

Gift: Koma amwene, pamenepa mdaniyo wangochita mwayi kuti waganiza DEDZA. Uthenga ukakhala wa tsamba lathunthu angaganize bwanji zonsezo?

Mphatso: Saganiza tsamba lonse. Amatenga mawu amodzi amene sangasowe, monga NDIPO kapena KUTI, n'kumawayendetsa pa malo aliwonse, malo 1, malo 2, malo 3. Pamene mbali inayo yatulutsa kachidutswa kooneka ngati Chichewa, monga CHIFU, amamaliza yekha kuti CHIFUKWA, ndipo zilembo zitatu zowonjezerazo zimamutsegulira zilembo zitatu za uthenga winawo. Amapita choncho uku ndi uku ngati akumasula ulusi wa juzi. Uthenga wautali ndiye umamuthandiza.

Limbani: Ndipo kuwerenga zilembo kuja kumabwereranso pa khomo lina. Mukatenga mauthenga awiri obisika ndi makiyi osiyana n'kuwandandalika, zilembo zimafanana pa malo amodzi pafupifupi ka 4 pa 100, chifukwa ndi 1 pa 26. Koma ngati kiyi ndi mmodzi, zimafanana paliponse pamene mauthenga enieniwo afanana, ndipo pa Chingerezi zimenezo ndi pafupifupi ka 7 pa 100. Pa Chichewa, ndi A wathu wochuluka uja, ma 0 awonekera msanga. Umu ndi mmene mdani amadziwira kuti pa mulu wa mauthenga, awa ndi awa anadyera mbale imodzi.

Si nthano ya m'kalasi. Mu 1942, nkhondo itawapanikiza, a Soviet Union anasindikiza masamba ena a mapadi awo kawiri. A ku America anayamba ntchito yotchedwa Venona mu 1943, n'kumafunafuna mauthenga amene anagwiritsa ntchito tsamba limodzi, ndipo m'kupita kwa zaka anawerenga zidutswa za mauthenga a akazitape. Masamba ambiri anangobwerezedwa kamodzi kokha, ndiye mawu oti kawiri si vuto lalikulu mufufute, achemwali. Zimenezi zinaululidwa kwa anthu mu 1995.

Yamikani: Pepani ndalowa mochedwa, magetsi anazima kuno ku Chikanda ndipo foni inali pa 3 peresenti. Ndawerenga zonse ndipo nkhaniyi ikundikhudza pa pulojekiti yanga. Ndikupanga pulogalamu yoti anthu awiri azitumizirana mauthenga obisika, ndipo mu lipoti ndalemba kuti ndi padi. Kiyi sindibwereza. Ndimapanga watsopano motere:

```
random.seed(pin)
k = bytes(random.randrange(256) for _ in m)
c = bytes(a ^ b for a, b in zip(m, k))
```

`pin` ndi nambala ya manambala 4 imene awiriwo amagwirizana. Kiyi amatalika ngati uthenga. Ndiye ndakwaniritsa zonse, si choncho?

Mphatso: Yamikani, ngati `pin` sasintha, `random.seed(pin)` ibweretsa mndandanda womwewo nthawi iliyonse. Uthenga wa Lolemba ndi wa Lachiwiri ali ndi kiyi mmodzi. Wabwereza osadziwa.

Yamikani: Nanga ndikamasintha `pin` pa uthenga uliwonse?

Limbani: Ikhalabe si padi, mphwanga. Kiyi wako weniweni si mndandanda wautaliwo, ndi `pin`, ndipo ma `pin` alipo 10,000 okha. Mdani ayesa onse m'kamphindi, ndipo pa uthenga wa ziganizo zingapo mmodzi yekha ndi amene atulutse Chichewa chomveka. Kumbuka JEPIW uja: chinamuteteza n'chakuti uthenga uliwonse wotheka unali ndi kiyi wake. Shannon anaonetsa kuti makiyi otheka ayenera kukhala ochuluka mofanana kapena kuposa mauthenga otheka. Makiyi 10,000 sangaphimbe mauthenga onse a zilembo 200. Ukafuna padi yeniyeni, tenga mabaiti kuchokera ku gwero la maere, ambiri amayambira pa `secrets.token_bytes(len(m))`, kenako kiyi yense wautaliyo umufikitse kwa mnzako mwachinsinsi, ndipo akagwira ntchito nonse mumufufute. Ukafika pamenepo uona chifukwa chake anthu saigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Kuti utumize fayilo ya megabaiti 5 uyenera kuyamba wapereka pamanja kiyi wa megabaiti 5. Pa pulojekiti yako ndingakulangize kuti ugwiritse ntchito laibulale yodziwika ya AES, ndipo mawu oti padi uwachotse mu lipoti.

Yamikani: Lipotilo ndikupereka Lachisanu. Ndiyamba usiku uno magetsi akakhalapo. Koma `secrets` nayenso si pulogalamu? Ndiye maere enieni achokera kuti?

Limbani: Funso labwino, ndipo ukunena zoona. `secrets` amatenga kuchokera ku makina a kompyuta amene amasonkhanitsa phokoso la zipangizo kenako n'kulitambasula ndi masamu. Pa ntchito ndi wodalirika, koma pa tanthauzo lokhwima la Shannon munthu akhoza kutsutsa. Pa mayeso ingolemba kuti chizindikiro chilichonse cha kiyi chitoledwe mwa maere, mwayi wofanana, mosadalira chinzake.

Tadala: Ndiyese kulembanso yankho langa la gawo lachiwiri, mundikonze. Ndiyamba ndi zofunika zinayi: kiyi wa maere enieni, wotalika ngati uthenga, wachinsinsi, wogwira ntchito kamodzi. Kenako tanthauzo lija la P. Kenako umboni: pa c ndi m aliyense pali kiyi mmodzi yekha, k = c - m, ndipo mwayi wake ndi 1 pa 26^n, choncho mwayi wopeza c ndi wofanana kaya uthenga unali uti. Kenako kubwereza: C1 - C2 = M1 - M2, ndi chitsanzo cha manambala.

Limbani: Ndi zimenezo. Ndingawonjezere chiganizo chimodzi chimene chimamanga zonse pamodzi. Mauthenga awiri a zilembo n obisidwa ndi kiyi mmodzi ali ngati uthenga umodzi wa zilembo 2n wobisidwa ndi kiyi wa zilembo n wobwerezedwa. Imeneyo ndi sayifa ya Vigenère, imene Kasiski anasindikiza njira yoithyolera mu 1863. Ndiye lamulo la kamodzi ndi lamulo la kutalika ndi lamulo limodzi. Mukakhala ndi malo tchulaninso kuti padi siibisa kutalika kwa uthenga, JEPIW akuonetseratu kuti mawuwo ndi a zilembo 5, BLANTYRE watuluka kale pa mpikisano.

Chisomo: Ndavomera za Chichewa ndi Chingerezi. Koma bwanji ngati mauthenga awiriwo nawonso ndi manambala a maere, monga makiyi a zinthu zina? Mdani apeza M1 ⊕ M2 koma palibe chomveka choti ayerekeze. Sangawerenge uliwonse. Pamenepo kubwereza kwalakwa chiyani?

Mphatso: Tanthauzo lagwabe. Wadziwa ubale wa awiriwo, ndipo tsiku limene M1 adzaululike, M2 waululika naye.

Chisomo: Tsiku limenelo likapanda kufika? Ine ndikuona kuti pa uthenga umodzi pawokha P(M1 | C1, C2) sanasinthe ngati M2 ndi wa maere enieni, chifukwa M2 akugwira ntchito ngati kiyi wachiwiri.

Limbani: Pa M1 yekha, M2 ali wa maere enieni ndiponso wosadalira M1, masamu anu ali bwino. Koma chinsinsi chotheratu chimafuna kuti zigwire pa mtundu uliwonse wa mauthenga, ndiponso pa awiriwo pamodzi, osati pa mtundu umodzi wosankhidwa. Pa awiriwo pamodzi, zotheka zatsika kuchoka pa 2^(2n) kufika pa 2^n. Ngati mungalembe zimenezi pa mayeso, muzilembe pamapeto, mutamaliza kale yankho lalikulu.

Chisomo: Ndikufuna ndikawafunse aphunzitsi ngati angapereke malikisi pa mfundo imeneyi kapena angaione ngati ndikutsutsa funso. Ndipita ku ofesi kwawo Lachitatu.

Gift: Ine ndatsalira pa kuchotsa kuja. Pa B kuchotsa Z ndikupeza -24, inu mukuti 2.

Tadala: Wonjezera 26, Gift. Bwera ku laibulale mawa 2 koloko ndi pepala lako, tikachite limodzi JEPIW kuyambira poyamba. Yamikani, ubwere ndi laputopu, ndikufuna tikabise ndime ziwiri za Chichewa ndi `pin` mmodzi tiwerenge ma 0.